Mapepala a kombi ku Harare, muyambire pati?

"Abale ndagula Hiace kwa munthu, ili ndi manambala achikasu. Ndikufuna izinyamula anthu Mabvuku kupita mtauni, ndiyambire pati kuti ndipeze pemiti?"

Achimwene, choyamba dziwani kuti chomwe anthu amangoti pemiti ndi mapepala awiri osiyana, onse amatuluka ku RMT, ofesi ya unduna wa zamtengatenga. Loyamba ndi opareta laisensi, ili ndi la inuyo kapena kampani yanu, limakulolani kupanga bizinesi yonyamula anthu. Lachiwiri ndi ruti otholiti, ili ndi la galimoto imodzi pa msewu umodzi basi, ndipo simungalipeze musanakhale ndi loyambalo.

Ndiye musathamangire ku RMT kaye. Yambani ndi buku la galimoto. Ngati likadali mdzina la amene anakugulitsaniyo, sinthani umwini, mudutse ku polisi akaione kuti si yobedwa, ku ZIMRA kwa a misonkho, kenako ku CVR, ofesi yolembetsa galimoto. Apa mpamene ambiri amakodwa, munthu amati ndinalembelana naye pepala la malonda ndiye zatha, koma dzina la pa buku likasiyana ndi la pa opareta fomu yanu ingobwezedwa, ndipo mwini wakaleyo mwina analowera ku Joni kalekale foni sakuyankha. Musakeni pano akadapezeka. Ku CVR komweko ndi kosinthira manambala achikasuwo kuti mukhale ndi ofiira pa choyera, a galimoto zonyamula anthu.

Pofunsira opareta akufunsani mapepala a kampani, takisi kiliyalansi ya ku ZIMRA yosonyeza kuti za misonkho zili bwino, ndi lipoti la VID, ofesi yoyeza galimoto, loti aona pomwe galimoto izigona ndi kukonzedwera. Kenako galimotoyo ipite ku VID, Eastlea ndi pafupi kwa inu, ikapeze fitinesi, pepala loti ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Pitani kaye kwa makaniko aone mabuleki, matayala, magetsi, chiwongolero ngati chikusewera, komanso mipando ikhale yomangidwa bwino pansi osati yongoikidwa. Inshuwalansi nayo samalani, ya thedi pate ija siphimba anthu okwera, mufunse ya apasenja padera.

Tsopano ruti yanu. Za Mabvuku ndi Tafara zimakwezera pa renki ya Fourth Street mtauni, ndiye khonsolo ya Harare iyenera kuvomera, mulipire disiki ya renki, kalata yawo ndi imene mupite nayo ku RMT. Pepala likatuluka liwerengeni muli pompo, nambala ya galimoto ndi dzina la ruti zikhale zolondola. Likalembedwa Mabvuku ndiye Mabvuku, dalaiva akaona anthu achuluka apite nayo ku Chitungwiza, pa rodibuloko pepalalo silimuthandiza olo pang'ono.

Dalaivayo naye akhale ndi difensivu, satifiketi ya kuyendetsa mosamala, medikolo ya kwa dokotala ndi ritesiti, pepala loti anayesedwanso kuyendetsa. Ndikukupemphani izi musazitenge mopepuka, ngozi ikachitika iye alibe mapepala amenewa a inshuwalansi atha kukana kulipira, ndipo achibale a ovulala abwera pakhomo panu.