Akatikwezera salale ziphuphu zitha?

"Achimwene, ndimagwira m'boma ndipo anzanga onse amati ziphuphu zimabwera chifukwa cha malipiro ochepa. Ndiye akatikwezera salale katangale atha?"

Achemwali, funso lanuli landifika pamtima chifukwa ndinakhalako mu ofesi ya maakaunti, ndipo amene ndinkawaona akudya heve sanali mamesenjala olandira kangachepe ayi, anali omwe aja okhala ndi maalawansi ndi galimoto ya ofesi.

Mmene zinkayendera ndi chonchi. Papepala, wopempha katundu, wovomereza, wolandira ku sitolo ndi wolipira amayenera kukhala anthu anayi osiyana. Koma bwana wina akapita ku wekishopu ankasiya pasiwedi yake pa kapepala pansi pa kiyibodi kuti "ntchito isaime", ndiye munthu mmodzi yemweyo ankalemba vocha, kuivomereza yekha, kenako wa ku sitolo n'kusayina kuti mapepala ndi inki zafika pomwe shelefu ili mbee. Makoteshoni atatu aja ofananitsira mitengo tisanagule katundu ankachokera kwa munthu mmodzi, makampani atatu koma nambala ya foni imodzimodzi, nthawi zina ngakhale sipelo yolakwika n'kufanana. Maodita ankabwera patapita zaka, atatiuziratu tsiku, n'kumangoona ngati mafayilo ali ndi chidindo. Chidindo chinalipo ndithu! Amene wagwidwa ankangomusamutsa. Ndiye tangoganizani munthu amene akuona kuti phindu ndi lalikulu, khomo lili pululu, kugwidwa n'kwa apo ndi apo ndipo chilango ndi tiransifa, mukamuwonjezera salale mwasintha chani pa masamu akewo? Zimandiwawa chifukwa amene ankakana kusayina ndi amene ankaoneka ovuta, kumawasiya pa maulendo.

Ku Ghana mu 2010 boma linakweza malipiro a apolisi pafupifupi kawiri, koma ofufuza omwe ankatsata madalaivala a mathiraki anapeza kuti ziphuphu za pamsewu sizinatsike, zinakwera kumene. Pomwe ku Indonesia, katswiri wa zachuma Benjamin Olken anatsata misewu yomangidwa m'midzi yoposa 600. Midzi ina anaiuziratu kuti odita ya boma ibwera ndithu, osati mwa mwayi wa 4 pa 100 monga kale. Kenako mainjiniya anakakumba msewu weniweniwo kuyeza miyala ndi mchenga n'kufananitsa ndi zolembedwa m'mabuku, ndipo kumene odita inali yotsimikizika ndalama zosowa zinatsika ndi pafupifupi 8 pa 100 iliyonse ya ndalama zonse zomangira msewu. Komabe sizinatheretu, ndipo ine ndikuti odita yopanda chilango imangokhala mwambo chabe.

Ndiye yankho?

Ayi, salale payokha siingathetse. Malipiro okwanira ndi ofunika kuti munthu aziopa kutaya ntchitoyo, koma amaopa pokhapokha ngati kugwidwa ndi kuchotsedwa kumachitikadi. Inuyo pasiwedi yanu musabwereketse munthu olo bwana, ndipo musasayine kuti katundu wafika musanamuwerenge ndi maso anu.