Musanatumize imeloyo, yang'anani kaye galafu yanu

"Akuluakulu, ndili chaka choyamba cha uinjiniya kuno ku Harare. Lipoti la ku labu la dayodi andipatsa 9 pa 20, ndemanga palibe. Ndiwalembere bwanji imelo alekichara kuti andifotokozere osaoneka wamwano? Nanga apilo ndingachite?"

Achimwene, ngati pali ena amene akukuuzani kuti muike akulu a dipatimenti pa Cc, musawamvere. Mnyamata wina wa m'kalasi mwathu anachita zomwezo, n'kulembamonso kuti mnzake amene anayeza naye limodzi wapeza 15. Alekichara anaitanitsa malipoti onse awiri, n'kupeza kuti ndime zofotokozera zikufanana mawu ndi mawu. Nkhani inachoka pa malikisi n'kukhala ya kukopera, ndipo mnzake wosalakwayo anavutika nawo. Dzina la mnzanu lisapezeke mu imelo, ngakhale mutapsa mtima bwanji.

Chimene chimayankhidwa msanga ndi funso la nambala imodzi, osati "n'chifukwa chiyani mwandipatsa zochepa". Ndiye tsegulani lipotilo muone galafu ya mbali yobwerera, pamene munatembenuza dayodi. Ngati kalenti ikukwera mzere wowongoka bwinobwino, 0.5 µA pa 5 V, 1 µA pa 10 V, malikisi anu anathera pamenepo. Gawani 10 V ndi 1 µA, mupeza 10 MΩ, ndipo imeneyo ndi rezisitansi ya m'kati mwa votimita zambiri za ku labu. Kutanthauza kuti munayeza votimita, osati dayodi. Zimachitika mukalumikiza votimita pa miyendo ya dayodi penipeni, amita ili kumbuyo kwa zonse ziwiri: amita imawerenga kalenti ya dayodi pamodzi ndi imene votimita ikudya. Dayodi ikakhala yosatembenuza zilibe kanthu, chifukwa mamiliampiya amaphimba kakang'onoko. Koma dayodi wamba ngati 1N4148 ikatembenuzidwa imadutsitsa timananoampiya chabe, pepala lake la ku kampani yoipanga limati sipitirira 25 nA pa 20 V, ndiye ya votimita ndi imene imaoneka yokha. Kuti mutsimikize, zulani dayodiyo pa bolodi osakhudza china chilichonse. Nambala ya pa amita ikapanda kusintha, yankho ndi limenelo. Njira yoyenera n'kuika amita moyandikana ndi dayodi, votimita n'kukumbatira zonse ziwiri kunja.

Penanso pamene ambiri amagwera ndi pa rezisitansi ya pamene kalenti ikusintha. Tinene kuti tebulo lanu lili ndi 0.65 V pa 5 mA ndi 0.69 V pa 10 mA. Ambiri amangogawa 0.65 ndi 0.005 n'kulemba 130 Ω. Imene imafunidwa ndi ya kupendekeka kwa galafu:

```
r_d = ΔV / ΔI = 0.04 V / 5 mA = 8 Ω
```

Wochonga akaona 130 pamene akuyembekezera nambala yosafika 10, amadula osalemba kanthu, poti malipoti ali nawo mulu.

Imeloyo tsopano. Tumizani pa adiresi ya sukulu, ya Gmail ya dzina la masewera ija ayi. Pamutu ikani kodi ya kosi, nambala yanu ya rejisitireshoni ndi dzina la ekisiperimenti. Ayitaneni ndi udindo wawo weniweni, Dr kapena Eng, n'kutsatira dzina la bambo awo. Moni wathu wautali uja, wofunsa ana ndi kunyumba, musiyeni, mzere umodzi ukwana. Kenako nenani malikisi amene mwapeza, ndi chimene mwaona nokha: kuti pa tsamba lakutilakuti munapeza 1 µA pa 10 V, mukuganiza kuti ndi votimita, ndipo mukufuna kudziwa ngati m'pamene munataya malikisi kapena pali penanso. Malizani popempha mphindi khumi pa nthawi imene amaonana ndi ophunzira, ndipo lumikizani lipotilo ngati PDF. Mawu oti awonjezere malikisi asatuluke. Za sikolashipu, fizi kapena kuti ndinu mlendo wochokera ku Malawi musazitchule, zimamveka ngati mukuwapanikiza. Dziwaninso kuti nthawi zambiri malipoti a ku labu amachonga ndi wothandizira wa mu labu, choncho akakutumizani kwa iyeyo musakhumudwe.

Ngati mukufuna kubwereza nokha kuchipinda, ku Gulf Complex m'tauni mukhoza kupeza malitimita yotchipa ndi madayodi angapo, mtengo wake kutengera pakamwa panu. Koma chenjerani ndi zotchipa za mtundu wa DT830, m'kati mwake ndi 1 MΩ basi. Mukailumikiza molakwika muja pa 10 V idya 10 µA, galafu iipa kakhumi kuposa ya ku labu.