Kuyeza munda wokhota kumtsinje: samalani ngodya

"Abale thandizeni, munda wanga mbali imodzi ndi yowongoka bwinobwino koma mbali inayo ikutsata mtsinje, yokhotakhota. Ndiwerengera bwanji kukula kwake? Komanso mbewu ingalowe yochuluka bwanji?"

Achimwene, za mbewuzo akuyankheni ena, ine ndikamba za kuyeza basi. Ndipo amene akuuzani kuti ingotengani mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi aja musawamvere, izo zimagwira pa munda wa ngodya zinayi wowongoka, wanuwo mulifupi mwake mukusintha paliponse ndiye muchulukitsa ndi pati? Enanso akuti zungulirani ndi foni, chabwino, koma GPS ya pafoni imaphonya ndi mamita angapo, ndiye pa munda wopapatiza wa mamita 20 kapena 25 mulifupi kuphonya kumeneko si kwamasewera ayi.

Mwayi wanu ndi mbali yowongokayo. Kokani chingwe motsata mbali imeneyo, chikungike ndithu, kenako khomani zikhomo pa mamita 10 aliwonse kuyambira poyambira munda mpaka pothera. Pa chikhomo chilichonse muyeze ndi tepi kuchoka pa chingwe kukafika kumalire okhota aja, mulembe nambalayo. Mukatero mundawo mwaudula m'timizere, ndipo kamzere kalikonse kali ndi mbali ziwiri zoyenda limodzi koma zosiyana kutalika, kusukulu ankati tirapeziyamu. Kukula kwa kamodzi ndi kuphatikiza mbali ziwirizo, kugawa ndi 2, kuchulukitsa ndi mamita 10 aja. Koma palibe chifukwa chovutikira kamodzikamodzi, poti muyeso uliwonse wapakati ukugwira ntchito pa timizere tiwiri, kakumanzere ndi kakumanja, pomwe woyamba ndi womaliza akugwira pa kamodzi kokha. Nchifukwa chake awiri akumapetowo timatenga theka, enawo athunthu.

Tiyerekeze kuti chingwe chanu ndi mamita 80. Zikhomo zikhala 9, osati 8, anthu ambiri amaiwala chija cha pa ziro. Tinene kuti mwayeza mwapeza 12, 18, 23, 26, 27, 25, 21, 17 ndi 14.

```
(12 + 14) / 2 = 13
18 + 23 + 26 + 27 + 25 + 21 + 17 = 157
(13 + 157) x 10 = 1700
```

Ndiye masikweya mita 1,700. Hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000, choncho apa ndi 0.17 ya hekitala, ndipo ekala ndi pafupifupi 4,047, ndiye ndi 0.42 ya ekala, sanafike ngakhale theka. Masamu onse ndi omwewo, kakyuleta ya pafoni ikwanira.

Tsopano pamene anthu amagwera m'mbuna si pa masamupo, ndi pa tepi. Muyeso uliwonse uyenera kuchoka pa chingwe molunjika ndithu, madigiri 90. Ndinaonapo mkulu wina akuyeza munda wobwereketsa, iyeyo waima pa chikhomo, mnyamata wagwira nsonga ya tepi kumangopita kumene kulibe thengo, kuzemba minga ndi bango, tepi yonse yapendekera kumunsi kwa mtsinje. Manambala onse anatuluka aakulu, ndipo wobwerekayo atabwera ndi munthu wake kudzayezanso panali mkangano wa tsiku lonse, aliyense kumati mnzake ndi wakuba pomwe wolakwa anali tepi yopendekera. Dziwani kuti kupendekera sikungakuchepetsereni muyeso pa malire oyenda limodzi ndi chingwe, kumangowonjezera basi. Mukapatuka ndi madigiri 20, amene ndi maso simungawaone bwino muli m'udzu wofika m'chiuno, malo a mamita 25 awerengeka pafupifupi 26.6. Ndiye kuti mwawonjezera 6 pa 100 iliyonse, ndipo ngati mwatero pa zikhomo zonse munda wa 1,700 uja usanduka wa 1,800 ndi kanthu, nthaka imene kulibe.

Mankhwala ake ndi 3, 4, 5. Kuchoka pa chikhomo yezani mamita 3 motsata chingwe, muike chizindikiro. Kenako pezani malo amene ali mamita 4 kuchoka pa chikhomo komanso mamita 5 kuchoka pa chizindikiro chija, mukhomepo ndodo. Mzere wochoka pa chikhomo kudutsa pa ndodoyo ndiye wolunjikawo, inu muime kumbuyo kwa chikhomo muziwongolera wogwira tepiyo, kumanzere pang'ono, kumanja, mpaka abisike kuseri kwa ndodo. Ngati pali chitsamba panjira dulani chitsambacho, osati kukhotetsa tepi. Zimadya nthawi inde, koma chingwe cha mamita 12 chomanga mfundo pa 3 ndi pa 7 nkulumikiza nsonga zake chimafulumizitsa, anthu atatu kungogwira pa mfundo nkukoka, ngodya yatuluka.

Ndipo poti ndi kumtsinje ndikukhulupirira pali potsetsereka. Tepi isagone motsata nthaka pamenepo, muigwire mopingasa ngati mmene amakhalira madzi m'beseni, muziyeza pang'onopang'ono monga mamita 5, kutsitsa kamwala pansi pa nsonga ya tepi nkuyambiranso pamene kagwerapo. Kutsata chitunda nakonso kumangotalikitsa muyeso.

Njirayi payokha ili ndi kabodza kake kakang'ono, chifukwa ikutenga ngati pakati pa miyeso iwiri malire ndi owongoka pomwe ndi okhota. Pamene malire atukukira kunja imasiya kachidutswa, yankho limachepa, pamene mtsinje wadya kulowa m'munda imawonjezera. Mukafuna kudziwa ngati mamita 10 akukwanira, werengeraninso ndi manambala omwewo koma modumpha chikhomo chimodzi, ngati kuti munayeza pa mamita 20. Apa mutenga 12, 23, 27, 21, 14, theka la akumapeto ndi 13, apakati ndi 71, zonse 84, kuchulukitsa ndi 20 ndi 1,680. Kusiyana ndi 1,700 ndi 20 yokha, ndiye mtima pansi. Mukachepetsa mpata ndi theka kuphonyako kumatsika pafupifupi kanayi, choncho chenicheni chili cha m'ma 1,707. Onani tsono, 7 yokha, pomwe tepi yopendekera ija inawonjezera 100. Ndichifukwa chake amene akukulimbikitsani njira ina yowerengera yotchedwa ya Simpson ndimangowayang'ana, ndi yabwino inde ndipo pa manambala awa ikupatsani 1,707 yomweyo, koma imafuna timizere togawika ndi 2 ndipo singakonze muyeso woipa. Koma mukaona mayankho awiriwo asiyana kwambiri, monga 1,700 ndi 1,500, bwererani kumunda mukayeze pa mamita 5, makamaka pamene mtsinje wakhota mwadzidzidzi, poti kachidutswa kokhota kangathe kubisala konse pakati pa zikhomo ziwiri osaoneka m'manambala.

Chinanso, munda sumathera pa nambala yabwino. Chingwe chikakhala mamita 86, mamita 6 otsalawo musawalowetse mu gulu lija ngati ndi 10. Awerengereni paokha, ngati pa 80 panali 14 ndipo pa 86 pali 9, ndiye 14 kuphatikiza 9 ndi 23, theka lake 11.5, kuchulukitsa ndi 6 ndi 69, muwonjezere pa 1,700. Ndipo ngati mundawo ukuthera nsonga, muyeso womaliza ndi 0, mulembe 0 yemweyo, musachotse chikhomocho pa mndandanda.

Ngati nkhani yake ndi yogulitsa kapena ya mapepala a malo, pamenepo itanani wodziwa kuyeza malo wovomerezeka, za tepizi ndi zoti mudziwe nokha. Ndipo mugwirizane kaye ndi aliyense wokhudzidwa kuti malire ndi m'mphepete mwa gombe kapena pamene khasu limalekezera, poti madzi amasuntha ndi nyengo.