Vidiyo ya pa foni ikasiyana ndi mawu mukaisintha

"Akuluakulu, ndithandizeni. Ndinajambula kwaya yathu pa foni madzulo, vidiyo ya mphindi 20. Pa foni ikuyenda bwinobwino, koma nditaisintha pa kompyuta kuti ndiidule, kumayambiriro zikugwirizana, pofika kumapeto milomo yatsogola ndipo mawu akubwera m'mbuyo ndi masekondi ngati anayi. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, choyamba musafufute vidiyo yoyambirira imene ili m'foniyo, chifukwa mankhwala onse ali m'menemo. Imene mwasintha kale ija isiyeni, musavutike nayo.

Vuto lagona pa mmene foni imajambulira. Vidiyo ndi zithunzi zambirimbiri zotsatana, zimene timazitcha mafelemu. Mukaika foni pa mafelemu 30 pa sekondi, foniyo imatenga nambala imeneyi ngati cholinga chabe. Kuwala kukachepa imatsegula diso la kamera nthawi yotalikirapo kuti chithunzi chisade, motero mafelemu a pa sekondi amatsika. Ikatentha kapena ikalemedwa ndi ntchito zina, imadumphanso ena. Mawu okha ndiwo sasintha liwiro. Maikolofoni imatola mawu ka 48,000 kapena ka 44,100 pa sekondi iliyonse, mumdima ngakhale poyera.

Nanga bwanji pa foni zikugwirizana? Chifukwa fayilo ya MP4 kapena MOV imasunga nthawi ya felemu iliyonse payokhapayokha, kuti iyi ionekere pa nthawi yakuti, yotsatira pa nthawi yakuti. Pamene mafelemu anachepa, foni imagwira chithunzi chimodzi nthawi yotalikirapo mpaka nthawi ya chinzake ikwane, ndipo diso silizindikira. Pulogalamu imene munasinthira ija sinawerenge nthawi zimenezi. Inangoona nambala 30 ndi kundanda mafelemu onse motalikirana mofanana. Zili ngati matumba a pa mzere wa ku chigayo: pamene panali mipata wina wasendeza matumba onse kutsogolo, mzere wafupika, koma mawu atsala ndi utali wawo wakale.

Tiwerengere pa vidiyo yanuyo. Mphindi 20 ndi masekondi 1,200, ndipo pa mafelemu 30 pa sekondi pamafunika mafelemu 36,000. Tinene kuti foni inasunga 35,880 okha. Mukawathamangitsa onsewo pa 30, amatha m'masekondi 1,196, pamene mawu akadali masekondi 1,200. Apo ndi pamene pachokera masekondi anayi aja: mafelemu 120 okha pa 36,000.

Chimene ndikufuna mumvetse bwino ndi chakuti mafelemu 120 amenewa sasowa mofanana m'vidiyo monse. Foni ikatsika kuchoka pa 30 kufika pa 24, imataya mafelemu asanu ndi limodzi pa sekondi, choncho masekondi 20 okha a mdima, mwina pamene munaloza kamera ku ngodya yopanda getsi, akukwanira kubweretsa vuto lonselo. N'chifukwa chake kukoka mzere wa mawu kuti ugwirizane ndi kumapeto sikuthandiza, poti mukakonza kumapeto mwaononga kumayambiriro. Kuchedwetsa vidiyo yonse pang'ono kuti utali ufanane nakonso sindikukulangizani. Nsonga ziwiri zidzagwirizana, koma pakati padzakhala posokonekera, ndipo pa kwaya izi zimaonekera msanga anthu akamaomba m'manja.

Musanakonze, tsimikizani kuti vuto ndi limenelidi. Ikani pulogalamu yaulere ya MediaInfo pa kompyuta, mutsegule fayilo yoyambirira, pa View musankhe Text, muyang'ane mbali ya Video. Mukaona mzere wakuti `Frame rate mode : Variable`, ndipo pansi pake `Minimum frame rate` ndi `Maximum frame rate` zikusiyana kwambiri, mwaligwira. Kenako onerani yosinthidwa ija malo atatu, koyambirira, pakati ndi kumapeto, pamene pali kuomba m'manja kapena kugunda ng'oma. Ngati kusiyana kukukula pamene vidiyo ikupita, ndi nkhani ya mafelemu. Koma ngati mawu achedwa mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, limenelo ndi vuto lina lopepuka, ndipo pamenepo kukoka mzere wa mawu kamodzi kumathetsa zonse.

Kukonza kwake n'kupanga fayilo yatsopano ya liwiro losasintha kuchokera ku yoyambirira, pogwiritsa ntchito pulogalamu imene imawerenga nthawi ya felemu iliyonse. Ine ndingakuuzeni HandBrake, yaulerenso. Tsegulani fayilo, pitani pa Video, pa Framerate (FPS) musankhe 30, ndipo pansi pake mudinize Constant Framerate. Samalani apa, chifukwa nthawi zambiri mumapeza pasankhidwa kale Peak Framerate, imene imangoletsa liwiro kupitirira 30 koma imalisiya likusinthasintha. Mukasankha Constant Framerate, HandBrake imabwereza felemu pamene panali mpata, ndi kuchotsa pamene anachuluka, kotero vidiyo imasunga masekondi ake onse 1,200. Pa malo a mdima aja mwina muona kudodoma pang'ono m'kayendedwe ka manja, koma milomo ndi mawu zikhala pamodzi. Fayilo yatsopanoyi ndiyo muilowetse mu pulogalamu yanu yodulira.

Ngati mumatha kugwiritsa ntchito ffmpeg, pulogalamu yosinthira vidiyo imene imayendetsedwa polemba malamulo, lamulo lake ndi ili:

```
ffmpeg -i kwaya.mp4 -vf fps=30 -c:v libx264 -crf 18 -c:a aac -b:a 192k kwaya_yokonza.mp4
```

Pali msampha umodzi umene umagwira anthu ambiri. Mukalemba `-r 30` patsogolo pa `-i`, mukuuza ffmpeg kuti itaye nthawi zimene foni inalemba ndi kupeka zake za 30 pa sekondi, ndipo mubweretsanso vuto lomwelo ndi manja anu. Musasinthirenso ku AVI. Mtundu wakalewu susunga nthawi ya felemu iliyonse monga imachitira MP4, umangodziwa liwiro limodzi la fayilo yonse.

Ndanena kuti yosinthidwa kale ija muisiye chifukwa nthawi zenizeni zinafufutika mmenemo. Mukaitsegula mu MediaInfo ikuuzani kuti `Constant`, ndipo palibe pulogalamu imene ingadziwe kuti mipata inali pati. Ngati yoyambirira inatayika, chotsala n'kudula vidiyo m'zigawo pamalo pamene kusiyana kukudumpha, ndi kugwirizanitsa chigawo chilichonse ndi mawu pamanja. Zimatheka, koma ndi ntchito yowawa. Ngati yoyambirira ili pa foni ya mnzanu, mukopere ndi chingwe, kapena akutumizireni pa WhatsApp ngati Document, chifukwa ikatumizidwa ngati vidiyo wamba imafinyidwa ndi kulembedwanso.

Ulendo wina mukamajambula madzulo, yatsani magetsi onse a m'tchalitchi musanayambe, ndipo musasiye foni padzuwa kapena pa chaja kuti itenthe. Ngati ndi iPhone, lowani mu Settings, Camera, Record Video, muzimitse Auto FPS, chifukwa ndiyo imatsitsa liwiro kufika pa 24 kuwala kukachepa. Ngakhale mutero, fayilo ya pa foni imathabe kutuluka ili `Variable`, choncho muziidutsitsa kaye mu HandBrake musanayambe kudula. Mukatsegula MediaInfo, tumizani kuno manambala a `Minimum frame rate` ndi `Maximum frame rate` tione ngati 30 ndiyo yoyenera kusankha, poti ngati munajambula pa 60 muyenera kuika 60.