Masamu anena buluu, botolo lawala olenji: za timadontho ta kwantamu

Funso: Alangizi, ndili m'chaka chachitatu cha fizikisi, ndipo ndapatsidwa mutu wa timadontho ta kwantamu kuti ndikakambe pa semina. Nditawerengera kadontho ka CdSe ka nanomita 4 ndi fomula ya Brus ndinapeza kuwala kwa buluu, koma chithunzi cha m'buku chikuonetsa olenji. Kodi ndalakwitsa pati, nanga mutuwu ndingaupitirize pa digiri yachiwiri?

Yankho: N'kutheka kuti simunalakwitse paliponse, ndipo kusiyana mwakupezako ndi kumene ndikanakonda kuti kukhale phata la nkhani yanu pa seminapo. Koma kuti mukakufotokoze bwino, tiyambe ndi chimene chimachitika mkati mwa kadonthoko, kamene ndi kakirisitalo kakang'ono kwambiri ka semikondakita.

Mu semikondakita iliyonse muli mpata wa mphamvu umene elekitironi iyenera kudumpha kuti ichoke pamene yamangika ndi kuyamba kuyenda momasuka. Kuwala kukaimenya, elekitironiyo imadumpha mpatawo n'kusiya dzenje kumbuyo, ndipo dzenjelo limachita zinthu ngati kanthu kokhala ndi chaji ya pozitivi. Ziwirizi zimakokana, zimayenda limodzi ngati banja lotchedwa ekisitoni, ndipo elekitironi ikabwerera m'dzenje lake mphamvu ija imatuluka ngati kuwala. Mtundu wa kuwalako umadalira kukula kwa mphamvu yatulukayo: yochepa imapereka kuwala kofiira, yochuluka imapereka buluu. Mu chibulumwa chachikulu cha kadimiyamu selenaidi, amene mwachidule ndi CdSe, mpatawu ndi pafupifupi 1.74 eV, eV kukhala muyeso wa mphamvu, ndipo mukagawa 1240 ndi nambala imeneyi mupeza funde lotalika pafupifupi nanomita 713, kumalire kwenikweni kwa kufiira kumene diso limatha kuona. Chibulumwacho mukachiswa pakati mtundu susintha, ndipo mukachiswanso susinthabe, chifukwa ekisitoni imangofuna malo otalika pafupifupi nanomita 5.6 kuchokera pakati, ndipo m'zidutswa zooneka ndi maso malo otero ndi ambirimbiri. Zinthu zimayamba kusintha chidutswacho chikachepa mpaka kufanana ndi malo amene ekisitoni imafunawo, kapena kuchepera pamenepo.

Chifukwa chake n'chakuti elekitironi ilinso ndi khalidwe la funde, ndipo funde lotsekeredwa liyenera kukwana m'malo amene latsekeredwamo. Woimba kaligo akadinikiza chingwe ndi chala, mbali yonjenjemera imafupika ndipo mawu amakwera. N'chimodzimodzi ndi elekitironi: kakirisitalo kakachepa, funde lake limakakamizika kufupika, ndipo funde lalifupi limatanthauza mphamvu yochuluka. Mphamvu yowonjezerayi imasanjikika pamwamba pa mpata uja, kotero kuti kuwala kotuluka kumasunthira ku buluu. Mukakagwiritsa ntchito chitsanzo cha kaligochi mukachenjere pa chinthu chimodzi, chifukwa aphunzitsi atcheru adzakufunsani. Chingwe chikafupika ndi theka, kunjenjemera kwake kumakwera kawiri, pamene mphamvu ya elekitironi yotsekeredwa imakwera kanayi, popeza imadalira 1/R², osati 1/R, R kukhala theka la kukula kwa kadontho.

Louis Brus, amene anaona zimenezi mu 1983 ku Bell Labs pa tizidutswa ta kadimiyamu salufaidi toyandama m'madzi, anazilemba motere:

```
E = Eg + (h²/8R²)(1/me + 1/mh) − 1.8e²/(4πε₀εR)
```

Chigawo choyamba ndi mpata wa chibulumwa chachikulu, chachiwiri ndi mphamvu yobwera chifukwa chotsekeredwa, ndipo chachitatu, chimene chimachotsera, ndi kukokana kwa elekitironi ndi dzenje. Mu CdSe anthu ambiri amatenga kulemera kwa elekitironi, me, kukhala 0.13 ya kulemera kwa elekitironi ya payokha, kwa dzenje, mh, 0.45, ndipo ε, nambala yosonyeza mmene kirisitalo imafooketsera kukokana kwa machaji, amaitenga pafupifupi 10.6. Mukalowetsa manambalawa, R ali m'mananomita, fomulayo imafupika n'kukhala E = 1.74 + 3.73/R² − 0.245/R, yankho lili mu eV. Kadontho kanu ka nanomita 4 kali ndi R = 2, choncho chigawo chachiwiri ndi 0.93, chachitatu ndi 0.12, ndipo zonse pamodzi ndi 2.55 eV, kutanthauza nanomita 486, amene ndi buluu wopendekera ku girini. Ngati ndi zimenezi munapeza, masamu anu ali bwino. Ngati munapeza zosiyana kwambiri, yang'anani zolakwika ziwiri zimene ndimaziona kawirikawiri m'mapepala a ophunzira. China ndi kuika 4 pamalo pa R, pamene R ndi theka la kukula kwa kadonthoko, ndipo cholakwika chimenechi chimachepetsa chigawo chachiwiri kanayi. Chinzake ndi kuiwala 0.13 ndi 0.45 n'kugwiritsa ntchito kulemera kwa elekitironi ya payokha, kumene kumachititsa kuti mtundu uoneke ngati sukusuntha n'komwe.

Nalonso buku lanu silinaname. Timadontho ta CdSe ta nanomita 4 tikayezedwa m'labotale timawala pafupi ndi nanomita 590 mpaka 600, ndiye kuti mphamvu yake ndi pafupifupi 2.1 eV. Kukwera kwenikweni kuchokera pa 1.74 ndi kochepera 0.4 eV, pamene fomula yalosera 0.81 eV, kuposa kawiri. Vuto lagona pa zimene fomulayo imaganizira isanayambe n'komwe kuwerengera. Imatenga khoma la kadontho ngati losabooleka, pamene kwenikweni funde la elekitironi limadutsirako pang'ono kunja, ndipo funde lopeza malo owonjezera limatsika mphamvu. Imatenganso kulemera kwa 0.13 kuja ngati kosasintha, chikhalirecho nambalayi imagwira ntchito pa elekitironi ya mphamvu yochepa yokha. Mphamvu ikamakwera, elekitironi imachita ngati yalemera, ndipo kukwerako kumachepa. Pali kanthu kenanso kakang'ono: kadontho kamatulutsa kuwala kofiirirako pang'ono kuposa kumene kanameza, choncho muonetsetse ngati chithunzi cha m'bukucho chikuonetsa kuwala komezedwa kapena kotulutsidwa.

Yesaninso ndi R = 3 kuti muone mmene cholakwikacho chimayendera. Mupeza 1.74 + 0.41 − 0.08 = 2.07 eV, pafupifupi nanomita 599, pamene timadontho tenitenito ta nanomita 6 timawala kofiira, kupitirira pang'ono nanomita 620. Apa fomula yayandikira. Ikamaphonya kwambiri ndi pa timadontho tating'ono, ndipo kuti CdSe iwaledi buluu iyenera kuchepa mpaka pafupifupi nanomita 2. Ine ndikanakhala inu ndikanajambula mizere iwiriyi pa girafu imodzi, wa fomula ndi wa zoyezedwa, chifukwa kusiyana kumene kukukula pakati pawo kukunena zambiri kuposa chithunzi cha mabotolo owala mitundumitundu chimene wophunzira aliyense amayambira nacho.

Mbiri ya nkhaniyi muitchule mwachidule. Alexei Ekimov anaona kusintha kwa mtunduku mu 1981 ku Leningrad, pa timakirisitalo ta kopa kolorayidi tokulira mkati mwa galasi. Moungi Bawendi ndi anzake ku MIT anapeza mu 1993 njira yopangira timadontho tofanana kukula: amathira mankhwala mwadzidzidzi m'madzi a mankhwala otentha pafupifupi madigiri 300, timbewu ta makirisitalo timabadwa nthawi imodzi, ndipo pamene tikukula mtundu umasuntha kuchoka ku chikasu kupita kofiira, wopangayo n'kuziziritsa akafika pamene akufuna. Atatuwa, Ekimov, Brus ndi Bawendi, analandira mphotho ya Nobel ya kemisitili mu 2023. Musasakanize nkhaniyi ndi magalasi ofiira akale opangidwa ndi tizidutswa ta golide, chifukwa golide ndi chitsulo chopanda mpata wa mphamvu, ndipo kufiira kwake kumachokera ku maelekitironi ambiri ogwedezeka pamodzi.

Funso lina limene lingakugwereni ndi lakuti mungadziwe bwanji kuti kuwala mukuonako kwachokeradi ku kutsekeredwa. Kadontho ka nanomita 4 kali ndi maatomu opitirira pang'ono 1,000, ndipo ambiri mwa iwo ali pakhungu, pamene ena alibe anzawo ogwirana nawo. Malo oterewa amakola elekitironi ngati msampha, ndipo yokodwayo imataya mphamvu yake ngati kutentha, kapena imatulutsa kuwala kofooka, kotambalala, kopendekera kofiira. Kuwala kwa ekisitoni kumadziwika chifukwa pa girafu kumapanga nsonga yopyapyala, ya nanomita 25 mpaka 30 m'lifupi ngati timadontho tapangidwa bwino, kumakhala pafupi ndi nsonga yoyamba ya kuwala komezedwa, ndipo kumasuntha kukula kwa timadontho kukasintha. N'chifukwa cha misamphayi kuti timadontho togulitsidwa timakutidwa ndi chikhungwa cha zinki salufaidi. M'mawailesi akanema otchedwa QLED, nyali za buluu zakumbuyo zimawalitsa timadontho ta girini ndi tofiira, ndipo opanga ena anasamukira ku indiyamu fosifaidi popeza kadimiyamu ndi poizoni.

Za digiri yachiwiri, mutuwu mungaupitirize, koma mudziwe kuti uli pamalire a fizikisi ndi kemisitili. Amene akasankhe ophunzira akayang'ana kwambiri magiredi anu a kwantamu mekanikisi ndi a fizikisi ya zinthu zolimba, ndipo ngati mpata ulipo m'chaka chachinayi mutengeko kosi ya kemisitili yokhala ndi labotale, chifukwa wodziwa masamu okha amavutika akafika popanga timadonthoto. Polembera mayunivesite, funsani ngati ali ndi maikulosikopu ya maelekitironi, pakuti ndiyo imaonetsa kukula kwenikweni kwa kadontho; popanda iyo mumangodalira kuyerekeza kukula kuchokera ku mtundu, ndipo mwaona kale mmene fomula ingakusocheretsereni.

Pa pulojekiti ya chaka chomaliza sindikulangizani CdSe, chifukwa mankhwala ake ndi oopsa ndipo zotsalira zake n'zovuta kutaya. Kambiranani ndi aphunzitsi anu za zinki okusaidi, imene imapangidwa kuchokera ku zinki asiteti ndi haidurokusaidi mu ethanolo, pa kutentha kochepa. Mpata wake ndi pafupifupi 3.3 eV, choncho kusunthako simudzakuona ndi maso, koma makina oyezera kuwala komezedwa, amene madipatimenti ambiri a kemisitili ali nawo, adzakuonetsani malire a kumeza akusunthira ku mafunde aatali pamene tizidutswa tikukula. Ekisitoni ya zinki okusaidi imafuna malo ochepa, pafupifupi nanomita 2, ndiye muyambe kuyeza mphindi zoyambirira tizidutswato tisanakule. Botololo mukaliunika ndi nyali ya UV lidzawala girini kapena chikasu, koma mu lipoti lanu mukalembe kuti kuwala kumeneko n'kwa zilema za kirisitalo, ndipo kukula kwa tizidutswa mukakuwerengere kuchokera pa kuwala komezedwa.