Amalume asanasayine kontrakiti ya lendi

"Abale, ndamasulira m'Chichewa kontrakiti ya lendi ya shopu ya amalume anga ku Kawale. Ndidziwa bwanji kuti shall, may ndi must sanafooke? Asayina Lachisanu."

Achemwali, tsegulani ya Chingereziyo pakompyuta, mudine Ctrl+F, musake mawu atatuwo limodzilimodzi. Paliponse pamene mwawapeza, pitani pa ndime yomweyo ya Chichewa mudzifunse kuti: munthu watchulidwa apayu akapanda kuchita zimenezi, waswa mgwirizano? Pa shall ndi must, Chichewa chanu chiyankhe kuti inde. Pa may chiyankhe kuti ayi.

Pamene ambiri amagwa ndi pa -dza-. Tinene kuti ndime ikuti wochita lendi shall kulipira pofika pa 5 mwezi uliwonse. Mukalemba kuti "adzalipira pofika pa 5", amalume amva ngati mukungonena zam'tsogolo, monga timanenera kuti mvula idzagwa. Lembani "ayenera kulipira". Koma "ayenera" nayenso amatha kumveka ngati malangizo chabe, ndiye ine ndimaika chiganizo koyambirira chonena kuti mumgwirizanowu "ayenera" ndi lamulo, wosatsata waswa pangano. Mukatero musasinthenso mawuwo pofuna kukometsa Chichewa. Akhale omwewo mpaka tsamba lomaliza, pa shall ndi pa must pomwe.

May ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa amaonongeka mbali ziwiri. Ndime ikati alandilodi may kuthetsa mgwirizano lendi ikachedwa ndi masiku 30, ndiye kuti apatsidwa mphamvu, koma kuigwiritsa ntchito zili kwa iwo. "Adzathetsa" akusandutsa ufuluwo kukhala chinthu chosapeweka. "Mwina athetsa" akumveka ngati kulosera, ndipo amalume sadziwa kuti mwini nyumba ali ndi mphamvu yowatulutsa. Cholondola ndi "ali ndi ufulu wothetsa". Ngakhale "angathe" sindimukonda apa, poti amanenanso za luso kapena mwayi.

Pa shall not ndi may not lembani "saloledwa". Onsewa ndi oletsa. Mukaika "sakakamizidwa", amalume angaganize kuti kubwereketsa shopuyo kwa munthu wina zili kwa iwo, pamene kontrakiti yaletsa.

Shall wina sakakamiza munthu aliyense, monga wonena kuti mgwirizano ukuyendera malamulo a Malawi. Ameneyo musamuikire "ayenera".

Mukamaliza, perekani Chichewa chokha kwa munthu amene sanaone Chingerezicho. Pa ndime iliyonse alembe kuti ndi lamulo, ufulu kapena choletsa, ndiponso kwa ndani. Pamene wasiyana ndi zanu, ndimeyo muilembenso.

Onaninso ngati muli ndime yonena kuti ya Chichewa ndi ya Chingerezi zikatsutsana, yotsatidwa ndi ya Chingerezi. Ikakhalamo, ndiye kuti cholakwika cha m'Chichewa sichingawateteze amalume kukhoti. Ndime za kuthetsa mgwirizano ndi za dipoziti, loya azione Lachisanu lisanafike.