Chithunzi chimodzi, mitundu 30: nambala yoti muzisintha ndi zoti muzisiye

"Ndili ndi kasitudiyo ka zithunzi pa Chitakale. Kasitomala wandipatsa chithunzi cha mayi ake akuthyola tiyi, phiri la Mulanje likuoneka kumbuyo. Akufuna mitundu 30 yooneka ngati yopenta pamanja kuti asankhepo za pa kalendala. Ndikugwiritsa ntchito Stable Diffusion 1.5, modelo ya AI yopanga zithunzi, pa pulogalamu ya AUTOMATIC1111, pa img2img, gawo losinthira chithunzi chimene waikamo. Seed, Sampling steps ndi CFG Scale ndimangozisuntha mwachisawawa. Pena zithunzi zimatuluka zofanana zonse, pena mayiwo amasanduka munthu wina. Chilichonse mwa zitatuzi chimasintha chiyani?"

Achimwene, pa zitatuzi chimodzi chokha ndicho chobweretsa mitundu yambiri, ndipo ndi sidi. Zinazo mumazikonza kamodzi, zikakhala bwino n'kuzisiya.

Pulogalamuyi ikalandira chithunzi chanu, siyamba ndi kupenta. Imayamba yachiwaza timadontho tachisawawa mpaka chizimirire, monga phiri limabisikira chiperoni chikatsika. Kenako imachotsa timadonthoto pang'onopang'ono, ndipo paliponse pamene panazimirira imadzazapo zimene mawu anu akuitanitsa. Sidi ndi nambala imene imasankha kamwazikidwe ka timadonthoto. Sidi 1000 imapereka kamwazikidwe kamodzimodzi nthawi zonse, choncho mukasiya zina zonse momwe zilili n'kudina Generate kakhumi, mulandira chithunzi chomwecho kakhumi. Mukalemba -1, pulogalamu imadzisankhira ina nthawi iliyonse.

Sidi ilibe yabwino kapena yoipa, ndipo yaikulu siposa yaing'ono. Ngakhale 1000 ndi 1001 sizipereka zithunzi zapachibale. Zimasiyana ngati 1000 ndi 900000. Pa chithunzi cha mayiwo, sidi idzasintha kumene mitambo yakhala, kapindikidwe ka mizere ya burashi m'munda wa tiyi, maluwa a pa chitenje, mwinanso kalukidwe ka dengu la kumsana. Mtundu wa kapentedwe sidzautembenuza, pakuti umenewo umachokera ku mawu amene mwalemba. Dziwaninso kuti sidi imabweza chithunzi chomwecho pokhapokha modelo, mawu, sampula, imene ndi njira yochotsera timadontho tija, ndi kukula kwa chithunzi zikhale zomwezo. Mukachoka pa 512x512 kupita pa 512x768, sidi 1000 yomweyo ikupatsani china.

Za masitepe sindichulutsa. Ndi kuchuluka kwa maulendo amene pulogalamu imadutsa pochotsa timadontho tija. Akachepa kwambiri chithunzi chimatuluka chosapsa: masamba a tiyi amangokhala phala lobiriwira, zala zolumikizana. Pa sampula ya DPM++ 2M Karras, pakati pa 20 ndi 30 chithunzi chimakhala chakhazikika, ndipo kupita pa 80 n'kungotha nthawi ndi mayunitsi a magetsi. Sampula ya Euler a ndi yosiyana, chifukwa imathiranso timadontho tatsopano pa sitepe iliyonse, motero chithunzi chimapitiriza kusintha mukamawonjezera masitepe. Anthu amaganiza kuti chikukongola, pomwe chikungosanduka china.

Pali kamsampha kamodzi pa img2img. Nambala imene mwalemba si imene imayenda yonse, imachulukitsidwa ndi Denoising strength, nambala yonena kuchuluka kwa timadontho towazidwa poyamba. Masitepe 30 pa 0.5 amayenda pafupifupi 15. Masitepe 20 pa 0.3 amayenda 6 okha, ndiye musadabwe chikatuluka chambuu.

CFG Scale ndiyo imafuna kuimvetsa bwino. Pa sitepe iliyonse modelo imalosera kawiri: kamodzi ikumvera mawu anu, ndiyo cond, kamodzi osawamvera, ndiyo uncond. Kenako imatenga kusiyana kwa ziwirizo n'kukuchulukitsa ndi nambala mwaikayo.

```
result = uncond + cfg * (cond - uncond)
```

Ikakhala 1, mawu anu amamveka mofooka ndipo zimene mwalemba mu Negative prompt, momwe mumalemba zimene simukuzifuna pa chithunzi, sizigwira ntchito konse. Pa 7, pamene AUTOMATIC1111 imayambira, penti mwapemphayo imaoneka koma mitundu ikadali yachibadwa. Mukafika pa 14 kapena 15, modelo imakokomeza. Tiyi amabiriwira mothobwa m'maso, khungu la mayiwo limanyezimira ngati lapulasitiki, mithunzi ya pansi pa duku imada bii, ndipo m'mphepete mwa phiri mumatuluka mzere wowala. Mukaona zimenezi tsitsani sikelo. Kuwonjezera masitepe sikuchiza kwenikweni. Sikelo yokwera imachepetsanso kusiyana pakati pa masidi, popeza onse akukokedwera ku chinthu chimodzi mwamphamvu. Kwa munthu wofuna mitundu 30, kumeneko n'kudzipinga yekha. Ine pa ntchito ngati iyi ndimakhala pakati pa 5 ndi 8. Manambalawa ndi a Stable Diffusion 1.5 ndi anzake. Mamodelo othamanga monga SDXL Turbo kapena a LCM amafuna sikelo ya 1 kapena 2 ndi masitepe ochepa kwambiri, mukawapatsa 7 amapserera.

Koma wosandutsa mayiwo munthu wina sali pakati pa zitatuzi. Ndi Denoising strength ija, imene imanena kuchuluka kwa timadontho towazidwa poyamba. Pa 0.3 chithunzi chenicheni chimaonekabe bwino pansi pake, nkhope imasungika, koma sidi imasowa malo ogwirapo ntchito, n'chifukwa chake zonse zimafanana. Pa 0.75, pamene pulogalamuyi imakonda kuyambira, nkhope imakhala yafufutika ndipo modelo imangopeka ina. Mavuto anu awiri aja ndi nsonga ziwiri za nambala imodzi.

Ndikanakhala pa mpando wanuwo ndikanatere. Ndikanakhoma sidi pa 1000, masitepe pa 30, sampula DPM++ 2M Karras. Pansi pa tsambalo, pa Script, ndikanasankha X/Y/Z plot, X n'kuika CFG Scale ya 4, 7, 10, 13, Y n'kuika Denoising ya 0.35, 0.5, 0.65. Zituluka zithunzi 12 patebulo limodzi, ndipo popeza sidi sinasinthe, kusiyana kulikonse mukuonako kwachokera ku manambala awiriwo. Kuzani chilichonse, yang'anani maso, mphuno ndi manja a mayiwo musanayang'ane phiri. Phiri limakongola pafupifupi paliponse, ndipo limanyenga.

Tinene kuti mwakonda 7 ndi 0.5. Bwezani Script pa None, lembani manambalawo, ikani Batch count pa 30. Pulogalamu idziwerengera yokha sidi 1000, 1001 mpaka 1029. Pangani zoposa zimene mukufuna, chifukwa zina zidzatuluka ndi zala zisanu ndi chimodzi. Ngati kasitomala akufuna masitayilo osiyana, wina wa penti yamadzi wina wa makala, sinthani mawu, ndipo muyesenso sikelo pa sitayilo iliyonse. Penti yamadzi imakonda yotsikirapo.

Akasankha chimodzi n'kunena kuti "ichi, koma chisinthe pang'ono", lembani sidi ya chithunzicho pa Seed, osaisinthanso. Chongani Extra pafupi ndi Seed, siyani Variation seed pa -1, Variation strength muike 0.1 kapena 0.2. Zikatero mupeza zapachibale zenizeni.

Sungani mafayilo a PNG momwe atulukira, chifukwa manambala onse amalembedwa m'kati mwake ndipo PNG Info imawawerenga. Chithunzi chikadutsa pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, zolembedwazo zimatayika. Choncho potumiza kwa kasitomala lembani sidi pansi pa chilichonse, kuti akamati "cha 1017" nonse mudziwe chimene akunena.

Nkhope ikakanabe pa 0.5 pomwe penti mukuifuna yamphamvu, pitani pa Inpaint, phimbani nkhopeyo, sankhani Inpaint not masked, kuti munda ndi phiri zipentedwe pa 0.65 mayiwo osakhudzidwa. Kenako dutsitsani chithunzi chonse pa img2img pa 0.25, kuti nkhope isaoneke ngati yomata.